Tchati cha masheya chimaonetsa mwayi, sichilonjeza: mafunso ndi mayankho a gulu latsopano la ku Mangochi

Mawu awa ndinawalankhula pamsonkhano wotsegulira gulu latsopano losunga ndi kuchulukitsa ndalama kuno ku Mangochi boma. Ambiri mwa mamembala anachokera ku banki m'khonde, ndipo tsopano akufuna kuti gawo lina la thumba lawo lizigula masheya a makampani. Achinyamata a m'gululi anali atayamba kale kutumizirana matchati pa foni, choncho apampando anandipempha kuti ndilankhule za chinthu chimodzi chokha: kodi tchati tingachikhulupirire mpaka pati? Ndasanja zimene ndinanena motsatira mafunso amene anafunsidwa. Mitengo ya m'chitsanzo ndi yongoyerekeza, si ya kampani yeniyeni.

Kodi tchati chimaonetsa chiyani kwenikweni?

Amayi ndi abambo, tchati ndi mbiri ya mitengo. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi masiku, kuchokera pansi kupita pamwamba ndi mtengo wa sheya imodzi. Kadontho kalikonse kakutiuza kuti tsiku limenelo wogula ndi wogulitsa anagwirizana pa mtengo wakuti. Pansi pake nthawi zambiri pamakhala timizere toimirira tosonyeza kuchuluka kwa masheya amene anasinthana manja tsikulo.

Zonse zimene zili pa tchati zinachitika kale. Kumanja kwenikweni, kumene kuli mawa, pepala lilibe kanthu. Aliyense amene wajambulapo muvi wopita m'mwamba pamalo opanda kanthu amenewo wajambula maganizo ake, osati mtengo.

Nanga zizindikiro zimene anyamatawa akutchula n'chiyani?

Anthu amene akhala akuyang'ana matchati kwa zaka zambiri anaona kuti maonekedwe ena amabwerezabwereza, ndipo anawapatsa mayina. Pa foni mudzaona mayina ngati `head and shoulders`, `triangle` ndi `double bottom`. Ine nditenga chimodzi chokha, chomalizachi, chifukwa ndi chosavuta kuchiona ndiponso ndi chimene chimakopa anthu kugula.

Chimaoneka ngati chilembo cha W. Mtengo umatsika mpaka penapake, tinene K100, kenako n'kukwera pang'ono kufika K112. Umatsikanso kufika pafupi ndi pomwe paja, tinene K101, koma osapitirira, n'kuyambanso kukwera. Ukadutsa K112, pamene panali nsonga ya pakati ija, ndiye amati chizindikiro chakwanira.

Maganizo ake si opusa ayi. Kawiri konse ogulitsa anakankhira mtengo pansi, ndipo kawiri konse pa K100 panapezeka anthu okonzeka kugula. Pa K112 panali ena amene anagula kale modula ndipo ankadikira kuti angobweza ndalama zawo. Mtengo ukadutsa pamenepo, zikhoza kutanthauza kuti ogulitsa amenewo atha. Ndanena kuti zikhoza. Zikhozanso kutheka kuti anali wogula mmodzi wamkulu amene wamaliza zogula zake lero, ndipo mawa sadzabweranso. Tchati sichikuuzani kuti mwa ziwirizi choona ndi chiti.

Mukati mwayi osati lonjezo, mukutanthauza chiyani? Chinthu chimagwira ntchito kapena sichigwira.

Tonse pano tili ndi wachibale msodzi. Iye akayang'ana mitambo ndi mafunde madzulo n'kunena kuti usiku uno kubwera mwera, timamumvera, chifukwa amalondola kawirikawiri kuposa ife. Koma masiku ena mwera subwera, ndipo masiku ena umawapeza pakati pa nyanja kunja kutacha bwinobwino. Sitinena kuti msodziyo ndi wabodza. Timadziwa kuti luso lake limaoneka pa nyengo yonse, osati pa usiku umodzi.

Chizindikiro cha pa tchati nachonso chimayezedwa pa maulendo ambiri. Tiyerekeze kuti W uja waoneka ka 100, ndipo mtengo unakweradi ka 60, n'kugwa ka 40. Amenewo ndi mawu onena za gulu lonse la maulendo 100. Sakunena chilichonse chotsimikizika za W amene ali pa foni yanu lero. Ameneyo akhoza kukhala mmodzi wa 60 aja kapena wa 40 aja, ndipo onse amafanana ndendende pa tsiku logula. Kusiyana kwawo kumaoneka pambuyo.

Ndipo 60 ameneyu ndangomutchula kuti tiwerengere. Palibe nambala imodzi yokhazikika ya chizindikiro chilichonse. Imasintha malinga ndi msika, zaka zimene mwawerenga, ndiponso mmene woyezayo wasankhira kuti W weniweni ndi uti.

Ngati chimalondola ka 60 pa 100, ndiye kuti tizipindula ndithu, si choncho?

Funso ili anafunsa mayi msungichuma, ndipo ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Yankho ndi lakuti ayi, osati nthawi zonse. Kulondola kawirikawiri ndi kupindula ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tibwerere ku W wathu. Mtengo wadutsa K112 ndipo gulu lagula pa K113. Otsatira matchati amayeza kutalika kwa W, kuchokera pa K100 kufika pa K112, komwe ndi K12, n'kuwonjezera pa nsonga ija. Choncho akuyembekeza K124. Zikatheka, phindu lathu ndi K11 pa sheya iliyonse.

Nanga zikakanika tidzadziwa bwanji? Maganizo onse anali akuti pa K100 pali ogula. Mtengo ukatsika kufika K99, maganizowo afa, ndipo tiyenera kugulitsa. Tikatero tataya K14 pa sheya.

Tsopano mayi, lembani. Maulendo 60 opindula K11 akutipatsa K660. Maulendo 40 otaya K14 akutilanda K560. Chotsala ndi K100 pa maulendo 100, kutanthauza K1 yokha pa ulendo uliwonse. Talondola kochuluka, koma phindu ndi lochepa chonchi, chifukwa tikalakwa timataya zambiri kuposa zimene timapeza tikalondola.

Sitinathe. Masheya sitigula tokha, timadzera kwa buloka, ndipo buloka amadula yake pogula ndi pogulitsa pomwe. Mufunse buloka wanu mtengo wake weniweni pamodzi ndi msonkho, koma pano tiyerekeze K2 pogula ndi K2 pogulitsa. Phindu lija latsika kufika K7, ndipo kutaya kuja kwakwera kufika K18. Werenganinso: 60 kuchulukitsa ndi K7 ndi K420, pamene 40 kuchulukitsa ndi K18 ndi K720. Tataya K300. Chizindikiro chomwe chija, cholondola ka 60 pa 100, chikudya thumba la gulu K3 pa sheya ulendo uliwonse.

Pali kawerengedwe kachidule kamene ndikufuna msungichuma aliyense akadziwe. Tengani chimene mungataye, muchigawe ndi chimene mungataye kuphatikiza chimene mungapeze. Pano ndi 18 kugawa ndi 25, zomwe zikutipatsa 72 pa 100. Ndiye kuti kuti tingobweza ndalama zathu, popanda phindu lililonse, W ameneyu ayenera kulondola ka 72 pa 100. Ine sindingaike ndalama za anthu pa chizindikiro chimene chikufunika kulondola kochuluka chotero. Mukapeza malonda amene mungataye K10 koma mungapeze K30, ndalama za buloka zitachotsedwa kale, kawerengedwe komweko kakupatsani 25 pa 100, ndipo pamenepo mukhoza kulakwa kochuluka n'kukhalabe ndi kanthu. Choncho munthu akakuonetsani tchati, musayambe ndi kufunsa kuti chikwera kodi. Yambani ndi kufunsa kuti tikalakwa titaya zingati, tikalondola tipeza zingati.

Pali munthu pa gulu lina la pa foni amene anationetsa kuti analondola ka 7 pa maulendo 10. Si umboni umenewo?

Achimwene, tengani ndalama yachitsulo muiponye m'mwamba ka 10. Mwayi woti mbali imene mwasankha igwe ka 7 kapena kuposerapo ndi pafupifupi 17 pa 100. Ndiye kuti anthu 6 akamangolota popanda luso lililonse, mmodzi mwa iwo akhoza kubwera ndi 7 pa 10, ndipo ndi yemweyo amene adzatumize zithunzi. Asanu enawo adzangokhala chete.

Chachiwiri, zithunzi zimene mumatumiziridwa ndi zosankhidwa. W amene anakwera amajambulidwa ndi kuzunguliridwa ndi mzere wofiira. W amene anagwa sapatsidwanso dzina la W, amangoiwalika. Mufunseni munthuyo mndandanda wa malonda ake onse, olembedwa tsiku ndi mtengo asanadziwe zotsatira. Akakana, kapena akayamba kukuuzani kuti mulipire kaye kuti mulowe m'gulu lake lapadera, mwadziwa kumene ndalama zake zimachokera. Ndipo aliyense amene akufuna kutenga ndalama za gulu kuti akazichulukitse, fufuzani kaye ku Reserve Bank of Malawi ngati ali ndi chilolezo.

Kodi tingadziyesere tokha ngati chizindikiro chili ndi mphamvu?

Mungathe, ndipo sizifuna ndalama. Zimafuna kope, cholembera ndi kuleza mtima.

Yambani ndi kulemba lamulo musanatsegule tchati. Mwachitsanzo: mitengo iwiri yapansi isasiyane kuposa 3 pa 100, italikirane masabata osachepera anayi, tigula mtengo ukatseka tsiku uli pamwamba pa nsonga ya pakati, tigulitsa ukafika pa mlingo wathu kapena ukatsika pansi pa W. Mukhoza kusankha manambala ena, koma mukasankha musawasinthe pakati pa ntchito. Diso la munthu limapeza chimene likufuna. Popanda lamulo lolembedwa, mudzapeza kuti W aliyense amene anagwa mukumupezera chifukwa chomuchotsera, kuti uyu sanali weniweni.

Kenako tengani tchati chakale, muphimbe mbali ya kumanja ndi pepala, n'kumalisuntha pang'onopang'ono. Lamulo likakwanira, lembani kuti tagula, musanaone zakutsogolo. Sunthani pepala mpaka malondawo atathe, lembani phindu kapena kutaya, n'kuchotsa za buloka. Ndi bwino agwire anthu awiri, wina kusuntha pepala, wina kulemba.

Mukamaliza mudzaona chinthu china chothandiza: maulendo ake ndi ochepa. Pa kampani imodzi mukhoza kupeza W woyenera lamulo lanu kangapo kokha pa zaka zambiri. Maulendo 8 kapena 10 sangakuuzeni ngati mwayi weniweni ndi 45 kapena 65 pa 100, monga taonera ndi ndalama yachitsulo ija. Kudziwa kuti umboni wanu ndi wochepa n'kothandiza kale, chifukwa kumakuuzani kuti muikepo ndalama zochepa.

Mavidiyo amene timaonera ndi a misika ya kunja. Kodi zimagwiranso ntchito pa msika wathu?

Apa pakufunika kusamala kwambiri. Msika wathu, Malawi Stock Exchange wa ku Blantyre, unayamba kugulitsa masheya mu 1996 ndi kampani ya NICO. Lero pali makampani osafika 20, monga National Bank, Standard Bank, Illovo, Press Corporation, TNM, Sunbird, ndiponso Airtel Malawi ndi FDH Bank amene analowa mu 2020. Ndi msika weniweni, ndipo anthu apindulapo, koma ndi waung'ono poyerekeza ndi misika imene zizindikirozi zinachokera, kumene sheya imodzi imagulidwa ndi kugulitsidwa kambirimbiri pa mphindi iliyonse.

Kuchepaku kumasokoneza tchati m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti sheya zina zimatha masiku osagulidwa, kenako malonda amodzi aang'ono n'kusuntha mtengo. W wopangidwa ndi anthu atatu kapena anayi sakukuuzani maganizo a msika. N'chifukwa chake muziyang'ana timizere tapansi tija. Mtengo ukadutsa nsonga koma masheya amene asinthana manja ndi ochepa kwambiri, chizindikirocho ndi chofooka.

Yachiwiri ndi yoopsa kwambiri. M'chitsanzo chathu tinati tidzagulitsa pa K99. Koma kuti mugulitse pafunika wogula. Pa tsiku limene aliyense akufuna kutuluka, wogula akhoza kupezeka pa K92, kapena osapezeka mpaka sabata yamawa. Pamenepo kutaya kuja si K18 ayi, ndi K25 tikaphatikiza za buloka. Musanagule, funsani buloka kuti pali oda zingati za ogula, pa mitengo iti. Ngati masheya amene mukufuna kugula akuposa amene amagulitsidwa pa sabata yonse, kulowa mudzalowa koma potuluka padzakhala popapatiza.

Palinso zinthu zimene sizilembedwa pa tchati mpaka zitachitika. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100. Zigamulo zotere zimasintha phindu la makampani, ena kuwakweza ena kuwatsitsa, ndipo palibe W amene amadziwa tsiku lake. Kumbukiraninso kuti tchati chathu chili mu kwacha. Sheya ikakwera ndi 15 pa 100 m'chaka chimene mitengo ya zinthu yakwera kuposa pamenepo, mzere ukuloza kumwamba koma ndalama zanu zikugula zochepa.

Ndiye tiziika ndalama zingati pa chizindikiro chimodzi?

Yambirani ku kutaya, osati ku phindu. Gulu ligwirizane kuti pa malonda amodzi silingalole kutaya kuposa gawo lakuti la thumba. Ine ndimalangiza 1 pa 100 kwa gulu longoyamba.

Tinene kuti thumba la masheya lili ndi K3,000,000. Gawo limodzi pa 100 ndi K30,000. Tikalakwa tikutaya K18 pa sheya, ndiye K30,000 kugawa ndi 18 ikutipatsa masheya opitirira pang'ono 1,600. Tigule 1,600, zomwe ndi K180,800. W akalephera tataya K28,800. Ngakhale wogula atapezeka pa K92 paja, tataya K40,000. Zowawa, koma gulu likumanabe sabata yamawa ndipo anthu apatsana moni.

Tsopano ganizirani gulu limene lakopeka n'kuika theka la thumba, K1,500,000. Amenewo ndi masheya opitirira 13,000, ndipo W yemweyo akalephera ataya pafupifupi K240,000. Tchati ndi chomwecho, chizindikiro ndi chomwecho. Chasintha ndi kukula kwa dzanja. Ndipo dzenje likakula, kutulukamo kumavuta koposa: mukataya 10 pa 100 mufunika kupindula 11 pa 100 kuti mubwerere pomwe munali, koma mukataya theka mufunika kuchulukitsa kawiri zotsalazo.

Tikataya katatu motsatizana, ndiye kuti njirayo yafa?

Osati msanga choncho. Ngakhale njira yolondola ka 60 pa 100 ili ndi mwayi wa pafupifupi 6 pa 100 woti maulendo atatu otsatira onse alephere, ndipo mukachita malonda ambiri tsiku lina zidzakuchitikirani. Chimodzimodzinso kupindula katatu motsatizana sikutanthauza kuti mwapeza chinsinsi. Kumeneku ndiye kumandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi pamene mamembala amayamba kunena kuti tiwonjezere, lamulo la 1 pa 100 likutichedwetsa.

Poweruza membala amene anabweretsa ganizo, musayang'ane zotsatira zokha. Tsegulani kope. Kodi analemba mtengo wogulira, wotulukira ndi kuchuluka kwa masheya tisanagule? Kodi anatsatira? Ngati anatsatira ndipo tataya, palibe mlandu, imeneyo ndi imodzi mwa 40 ija. Amene ayenera kufunsidwa ndi amene mtengo utafika pa K99 anati tidikire pang'ono ubwerera, ngakhale utabwereradi. Ulendo umenewo wapulumuka, koma waphunzitsa gulu khalidwe limene lidzalimize ulendo wina.

Ena mwa ife tikuopa kuti zimenezi ndi juga.

Bambo, mantha anuwo ndikuwalemekeza, ndipo za chipembedzo mukafunse ashehe kapena abusa anu, iwo ndiwo angakuyankheni bwino. Chimene ndinganene ine ndi ichi. Mukagula sheya mumakhala mwini wa kagawo ka kampani imene ikugaya shuga, ikubwereketsa ndalama kapena ikugulitsa mayunitsi, ndipo ikapindula imatha kukugawirani. Zimenezo zili ndi maziko. Koma kugula lero kuti mugulitse mawa chifukwa cha maonekedwe a mzere okha, osadziwa kuti kampaniyo imachita chiyani, kumayandikira kwambiri chimene mukuopacho. Kwa ine tchati chibwere pomaliza. Yambani ndi lipoti la pachaka la kampani: phindu lake, ngongole zake, ndi mbiri yake yogawa phindu kwa eni masheya. Mukakhutira kuti kampaniyi mungakhale nayo zaka zisanu, tchati chikhoza kukuthandizani kusankha sabata yogulira.

Ndalama za banki m'khonde tingazigwiritse ntchito? Nanga m'malamulo a gulu tilembemo chiyani?

Ndalama zimene mudzagawane kumapeto kwa chaka zisalowe m'masheya. Zili ndi tsiku lake, anthu akuziyembekezera kuti agule feteleza ndi kulipira fizi, pamene msika sudziwa tsiku limenelo. Mukakakamizika kugulitsa mu December chifukwa nthawi yogawana yakwana, mudzalandira mtengo uliwonse umene wogula wanena. Pangani thumba lapadera la masheya, la ndalama zimene mwini wake angazisiye zaka zitatu kapena kuposerapo, ndipo likhale ndi buku lakelake.

M'malamulo lembani kuti aliyense wobweretsa ganizo logula alembe pa pepala dzina la kampani, chifukwa chake, mtengo wogulira, mtengo umene tidzavomereze kuti talakwa, ndalama za buloka, ndi zimene gulu litaye zikavuta. Msungichuma awerenge poyera kagawidwe kaja ka 18 ndi 25 ndi manambala a ganizolo. Lembaninso kuti mtengo wotulukira sungasinthidwe ndi munthu mmodzi pa foni, koma ndi msonkhano wa komiti, ndipo kuti akaunti ya kwa buloka ikhale ndi osayinira osachepera awiri. Miyezi itatu yoyambirira chitani malonda a pa kope okha, popanda kutumiza tambala iliyonse ku Blantyre, kenako mlembi adzawerengere gulu lonse zimene zatuluka.